Lipoti: VaR inatsika kuchoka pa R148,000 kufika pa R99,000 popanda kugulitsa sheya ndi imodzi yomwe

Nkhaniyi ndi ya kampani ina ya mathiraki kuno ku Joni, ya abale athu atatu a Chimalawi, yomwe imanyamula katundu kuchokera cha ku City Deep kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza. Dzina lake sinditchula, ndipo manambala ndawasintha pang'ono kuti isadziwike, koma masamu onse ndi omwewo.

Kampaniyi inali ndi ndalama zapadera zokwana R5,000,000 zodzagulira mathiraki atsopano. Podikira nthawiyo, inaziika pa msika motere: R3,000,000 m'thumba lotsatira makampani 40 akuluakulu a pa msika wa masheya wa JSE, R1,500,000 m'mabondi a boma la South Africa, ndi R500,000 m'masheya a kampani imodzi ya migodi. Eni ake anagwirizana lamulo limodzi lokha, loti VaR ya tsiku limodzi pa 99 peresenti isapitirire R150,000. VaR, chidule cha Value at Risk, ndi nambala yoyezera chiopsezo: malire omwe zoluza za tsiku limodzi zimayembekezeka kuwapitirira kamodzi kokha pa masiku 100. Buloka wawo, wowagulira ndi kuwagulitsira masheya, ankawatumizira nambalayi mwezi ndi mwezi.

Lipoti la kumapeto kwa Febuluwale 2022 linati R148,000. La kumapeto kwa Malichi linati R99,000. Sanagule kanthu, sanagulitse kanthu, ndipo mtengo wa thumba lonse unali pafupifupi pomwepo. A tcheyamani ataona zimenezi anati mpata wapezeka: akongole R2,500,000 kwa buloka, chikole chake masheya omwewo, aonjezere m'thumba kuti lifike R7,500,000. Masamu awo anali olondola ndithu, pakuti R99,000 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi R148,500, yomwe sikufika pa R150,000. Mayi msungichuma ndiwo anakana kusaina. Funso lomwe anandipatsa linali lalifupi: "Achimwene, nkhondo yayamba ku Ukraine pa 24 Febuluwale, mtengo wa dizilo ukukwera, ndiye pepala likuti chiopsezo chachepa. Zikuchokera pati?"

Mmene mndandanda wa zoluza umapangidwira

Buloka ankagwiritsa ntchito njira yotengera mbiri ya mitengo, ya masiku 500 a malonda, omwe ndi pafupifupi zaka ziwiri. Ambiri amaganiza kuti njirayi imayang'ana ndalama zomwe akaunti inapindula kapena kuluza m'mbuyomo. Ayi. Akaunti imalowa ndalama, imatuluka ndalama, zomwe zili m'thumba zimasintha, choncho mbiri yake siinena kanthu za thumba la lero. Chomwe timachita n'kutenga thumba monga lilili lero, n'kulidutsitsa mu tsiku lililonse la masiku 500 aja, n'kufunsa kuti mitengo ikanasuntha mawa monga inasunthira tsiku limenelo, tikanaluza zingati.

Nali tsiku limodzi la pa mndandandawo. Thumba la makampani 40 linatsika ndi 3.1 peresenti, yomwe pa R3,000,000 ndi R93,000. Mtengo wa mabondi unatsika ndi 1.4 peresenti, yomwe pa R1,500,000 ndi R21,000. Sheya ya migodi inatsika ndi 6.8 peresenti, yomwe pa R500,000 ndi R34,000. Zonse pamodzi R148,000. Timachita chimodzimodzi masiku onse 500, ndipo tsiku la phindu timalilemba ndi kachizindikiro kochotsera kuti zoluza zikhale manambala aakulu. Ubwino wa njirayi uli apa: zinthu zitatuzi timaziphatikiza pa tsiku lomwelo, motero ngati zimakonda kugwera limodzi, mndandanda uonetsa wokha popanda kuwerengera padera mgwirizano wake.

Ndisanawerenge chilichonse ndimayamba ndasesa mitengo. Pamafunika mitengo ya masiku 501 kuti upeze kusintha 500. JSE imalemba mitengo ya masheya m'masenti, ndiye ukaphatikiza mafayilo awiri, ina ya masenti ina ya marandi, pamatuluka tsiku lomwe sheya yagwa ndi 99 peresenti pomwe sinagwe. Tsiku lomwe sheya yayamba kugulitsidwa yopanda gawo la phindu lomwe kampani yalengeza, mtengo umatsika, koma mwini sanaluze chifukwa ndalamayo ikubwera ku akaunti yake. Makampani a migodi akapereka gawo lalikulu, tsiku lotere limatha kukwera pamwamba pa mndandanda ngati wakuba. Chomaliza, masiku a tchuthi monga 21 Malichi kapena 16 Juni ayenera kuchotsedwa m'mizere yonse itatu, apo ayi mizereyo imasemphana ndi tsiku limodzi ndipo kugwa kwa masheya kumakumana ndi tsiku lolakwika la mabondi. Mafayilo a buloka anali oyera. Vuto silinali pamenepo.

Kuwerenga VaR ndi ES

Ukasanja zoluza zonse kuyambira zazikulu, ntchito yatsala pang'ono kutha. Nawa masiku 13 oipitsitsa a malipoti awiri aja, m'marandi. Nyenyezi ikusonyeza tsiku la mu Malichi 2020.

| Malo | Febuluwale 2022 | Malichi 2022 |
|---|---|---|
| 1 | 412,000* | 148,000 |
| 2 | 305,000* | 120,000 |
| 3 | 238,000* | 112,000 |
| 4 | 171,000* | 109,000 |
| 5 | 152,000* | 104,000 |
| 6 | 148,000 | 99,000 |
| 7 | 131,000* | 95,000 |
| 8 | 120,000 | 92,000 |
| 9 | 112,000 | 88,000 |
| 10 | 104,000 | 86,000 |
| 11 | 99,000 | 83,000 |
| 12 | 95,000 | 81,000 |
| 13 | 92,000 | 79,000 |

VaR ya 99 peresenti ndi malire omwe zoluza zimawapitirira tsiku limodzi lokha pa masiku 100. Pa masiku 500 ndiye kuti masiku 5 ali kupyola malirewo, ndipo malire enieniwo ndi tsiku la nambala 6. N'chifukwa chake Febuluwale anapereka R148,000 ndipo Malichi anapereka R99,000.

Pano pali kusagwirizana kwakung'ono komwe kumakanganitsa anthu m'maofesi a ku Sandton. Ena amatenga tsiku la nambala 5, osati 6. Excel nayo ili ndi njira ziwiri: pa mndandanda wa Febuluwale `PERCENTILE.INC` ikupereka R148,040 pomwe `PERCENTILE.EXC` ikupereka R151,960. Kusiyanaku kukuoneka ngati kopanda pake, koma kumbukirani kuti lamulo la kampaniyi linali R150,000. Njira imodzi inkati ali m'kati mwa lamulo, ina inkati aphwanya. Ine ndimatenga wa nambala 6, koma chachikulu n'chakuti njira yomwe mwasankha ilembedwe m'lamulo momwemo, isamasinthe malinga ndi yemwe watsegula fayilo.

VaR imawerenga mzere umodzi basi. Tsiku la R412,000 lija likanakhala la R4,000,000, VaR ikanakhalabe R148,000, chifukwa sifunsa kukula kwa zomwe zili pamwamba pake, imangoziwerenga kuti zilipo zisanu. ES, chidule cha Expected Shortfall, ndiyo imafunsa funso lotsalalo, lakuti malire akapyoledwa timaluza zingati pa avereji. Pa 99 peresenti timaphatikiza masiku 5 oipitsitsa n'kugawa ndi 5. A Febuluwale akukwana R1,278,000, ndiye ES ndi R255,600. Eni kampani anali asanaionepo nambala imeneyi, ndipo anazolowera kuganiza kuti R148,000 ndiye pothera pa tsoka, pomwe ndi poyambira pake.

ES imawerengedwanso kawirikawiri pa 97.5 peresenti, mlingo womwe komiti ya Basel, yokonza malamulo oyendetsera mabanki m'mayiko ambiri, inasankhira mabanki mu Januwale 2016 pomwe inaganiza zochoka pa VaR. Pa masiku 500, 2.5 peresenti ndi masiku 12 ndi theka. Choncho timaphatikiza masiku 12 oyamba, omwe akukwana R2,087,000, kuonjezera theka la tsiku la nambala 13, lomwe ndi R46,000, n'kugawa zonsezo ndi 12.5. Yankho ndi R170,640. Amene amangotenga 12 kapena 13 yathunthu amapeza nambala yosiyanako, ndipo ndi gwero lina la mikangano yosafunika. Pa kompyuta, `zoluza` akakhala mndandanda wa zoluza za masiku 500 aja, zonsezi ndi mizere yochepa:

```python
import numpy as np
L = np.sort(zoluza)[::-1]
var99 = L[5]
es99 = L[:5].mean()
es975 = (L[:12].sum() + 0.5 * L[12]) / 12.5
```

Chomwe chinachitika mu Malichi

Ndime ya masiku 500 imayenda. Tsiku latsopano likalowa kutsogolo, lakale kwambiri limatuluka kumbuyo. Ndime yothera kumapeto kwa Febuluwale 2022 inkayambira cha kumayambiriro kwa Malichi 2020, mwezi womwe mliri wa korona unagwedeza misika yonse. Pa 12 Malichi chaka chimenecho JSE inagwa pafupifupi 10 peresenti tsiku limodzi, panatsatira masiku ena oipa sabata yotsatira, ndipo pa 27 Malichi, tsiku loyamba la m'bindikiro wa dziko lino, kampani ya Moody's, yoyeza kudalirika kwa okongola, inatsitsa mlingo wa ngongole za boma. Ndime yothera kumapeto kwa Malichi 2022 inkayambira kumayambiriro kwa Epulo 2020. Mwezi wonse uja unatuluka m'kati mwa masabata anayi, ndipo unapita ndi masiku 6 mwa masiku 7 oipitsitsa.

Onaninso tebulo lija. Tsiku la R109,000 pa mzere wa Malichi ndi latsopano, linalowa mwezi womwewo nkhondo itayamba. Ndiye kuti mayi msungichuma sananame, msika unalidi pa chipwirikiti kuposa miyezi ya m'mbuyo. Koma tsiku limodzi lolowa silikanafanana mphamvu ndi 6 otuluka. Chiopsezo chenicheni chinkakwera, nambala inkatsika.

Pali chomwe ndimafuna anthu amvetse pamenepa, chifukwa ndamva ambiri akunena kuti ES inabwera kudzathetsa mavuto onse a VaR. Pa vuto ili ES inagwa kwambiri kuposa VaR. VaR inatsika ndi 33 peresenti. ES ya 99 peresenti inachoka pa R255,600 kufika pa R118,600, kutsika ndi pafupifupi 54 peresenti. Ya 97.5 peresenti inachoka pa R170,640 kufika pa R100,520. Chifukwa chake n'chosavuta: ES imadalira kukula kwa masiku oipitsitsa, ndipo masiku amenewo ndi omwe anatuluka. ES imaona bwino zomwe zili m'ndime, koma zomwe zatuluka siizidziwa, chimodzimodzi VaR. Nditafotokoza izi, mayi aja anangoti, "Madzi saiwala khwawa, koma pepala lanuli limaiwala pakatha zaka ziwiri."

Njira yachangu yodziwira kuti ndime yako yasowa masiku oipa ndi kuyerekeza manambala awiriwa. Mitengo ikanamasuntha motsatira chithunzi chonga belu cha m'mabuku a masamu, momwe masiku oipa kwambiri amakhala osowa, ES ya 99 peresenti ikanakhala VaR kuchulukitsa ndi 1.15, ndipo ES ya 97.5 peresenti ikanangofanana ndi VaR ya 99 peresenti. Mu Febuluwale ES inali VaR kuchulukitsa ndi 1.73, kusonyeza kuti pamwamba pa mndandanda panali masiku olemera kwambiri, monga misika ilili. Mu Malichi inali kuchulukitsa ndi 1.20, ndipo R100,520 inangotsala pang'ono kufanana ndi R99,000. Ine ndikaona thumba la masheya a kuno likuoneka lofatsa ngati la m'buku, sindikhulupirira kuti thumbalo lafatsa, ndimakaona tsiku lomwe ndime ikuyambira.

Njira ina n'kufunsa buloka funso limodzi nambala ikasuntha kwambiri: kodi ndi masiku ati alowa, ndipo ndi ati atuluka? Ndipo kutulukako kumadziwika kale. Aliyense wokhala ndi kalendala akanatha kunena mu Januwale kuti VaR idzatsika mu Malichi.

Zomwe a tcheyamani anatsutsa

Iwo anabwera ndi mfundo yomveka. Lipoti la buloka linkasonyeza kuti pa masiku 250 apitawo, palibe tsiku ndi limodzi lomwe lomwe zoluza zinapitirira VaR. "Mayi, ngati chipangizo sichinalakwitsepo chaka chonse, tichikayikire bwanji lero?" anatero powafunsa amsungichuma.

Kuyesa kumeneku kumachokeranso ku Basel. Pa masiku 250, VaR ya 99 peresenti yolondola iyenera kupyoledwa kawiri kapena katatu. Kupyoledwa kosapitirira kanayi ndi chigawo chobiriwira, kasanu mpaka ka 9 ndi chachikasu, ka 10 kupita m'tsogolo ndi chofiira. Ziro ali m'chobiriwira, inde, koma tanthauzo lake n'lakuti malire a cha m'ma R148,000 anali okwera poyerekeza ndi chaka chabata chimenecho. Malire omwe anayesedwa ndi akalewo, omwe anali ndi Malichi 2020 m'kati. Malire atsopano a R99,000 anali asanayesedwe ndi komwe.

Komanso nambala yochokera pa mzere umodzi sikhazikika. Pa masiku 500, masiku opyola malire enieni sakhala 5 ndendende nthawi zonse. Mwamwayi chabe atha kukhala 2, atha kukhala 9. Pa mndandanda wa Febuluwale, kusuntha kotere kukutanthauza kuti VaR yeniyeni ikhoza kukhala paliponse pakati pa R104,000 ndi R238,000. Kumanga ngongole ya R2,500,000 pa mpata wa R1,500 pakati pa R148,500 ndi R150,000 kunali kukhulupirira nambalayo mopyola muyeso wake.

Chomwe chinathetsa mkangano chinali pangano la ngongoleyo. Buloka ankalola ngongole kufika 40 peresenti ya mtengo wa thumba, ndipo ikapitirira apo, wokongola amaonjezera ndalama msanga kapena buloka amagulitsa masheya. R2,500,000 ndi 40 peresenti ya R6,250,000. Ndiye kuti thumba la R7,500,000 likanangoluza R1,250,000, foni ikanalira. Tsiku limodzi silikanawafikitsa pamenepo, ngakhale loipitsitsa lija, lomwe likanakhala R618,000. Koma masiku oipa sabwera motalikirana, amabwera motsatana.

Anthu amakonda kutenga VaR ya tsiku limodzi n'kuichulukitsa ndi 3.16, yomwe ndi sikweya ruti ya 10, kuti apeze ya masiku 10. Lamulo limeneli limaganiza kuti tsiku lililonse ndi lodziyimira palokha, ndipo dzulo silikhudza lero. Pa R99,000 likupereka R313,000, pa R148,000 likupereka R468,000. Nditadutsitsa thumba la R5,000,000 m'masiku 10 otsatizana oipitsitsa a Malichi 2020, kuwerengera ndi masiku omwe msika unakwererako pakati, linaluza pafupifupi R1,100,000. Pa thumba la R7,500,000 ndiye R1,650,000, kupitirira malire a buloka ndi R400,000. Ndipo taganizirani mwezi umenewo: malire a mayiko akuvuta, katundu wachepa, madalaivala akufuna malipiro. Kampani ya mathiraki ikanasowa ndalama zoonjezera pa chikole pa nthawi yomweyo yomwe msika wagwa, ndipo masheya akanagulitsidwa pa mtengo wotsikitsitsa, osadikira kukweranso komwe kunatsatira.

Zomwe tinagwirizana

Ngongole sinatengedwe. Lamulo la R150,000 linasinthidwa motere. Buloka apitiriza kutumiza VaR ya ndime yoyenda, chifukwa imathandiza kuona mmene msika ulili posachedwapa, koma pambali pake pazikhala ES ya 97.5 peresenti yowerengedwa kawiri: koyamba pa masiku 500 apitawa, kachiwiri pa ndime yokhazikika yomwe ili ndi Malichi 2020 m'kati ndipo siyenda. Lamulo limatsatira yaikulu mwa ziwirizo. Nzeru imeneyi si yanga; malamulo a Basel aja amalamula mabanki kuwerengera ES yawo pa miyezi 12 yovuta kwambiri kwa thumba lawo, pofufuza m'mbuyo mpaka 2007. Kampani ya mathiraki si banki ndipo palibe woikakamiza, koma ntchito yake ndi mzere umodzi woonjezera mu Excel.

Malire atsopano anawaika pa R175,000. Popeza ES ya ndime yokhazikika inali R170,640, mpata wotsala unali wochepa kwambiri, zomwe zinali zoona zake za thumbalo. Ena amachepetsa vuto la kutuluka kwadzidzidzi popatsa masiku akale mphamvu yochepa pang'onopang'ono, kuti tsiku lizizimirira m'malo mongosowa. Njirayi imasalaza kutsikako, koma mathero ake ndi kuiwala komweko, choncho kwa anthu atatu omwe ntchito yawo ndi mathiraki ndinaona kuti ndime ziwiri n'zosavuta kuzimvetsa ndi kuzilondola.

Tinaonjezerapo masiku ena oyesera omwe sali m'ndime zonse ziwiri, makamaka 10 ndi 11 Disembala 2015, pomwe Pulezidenti Jacob Zuma anali atangochotsa Nhlanhla Nene pa unduna wa zachuma usiku wa pa 9. Nthawi imeneyo mabondi a boma ndi masheya a mabanki ndiwo anagwa kwambiri, randi n'kupitirira R15 pa dola. Masiku amenewa amayesa mbali ya R1,500,000 ija, yomwe eni kampani ankaiona ngati yotetezeka.

Chomwe chinatsala osachithetsa ndi R500,000 ya m'kampani imodzi ya migodi. Njira yotengera mbiri imangodziwa zomwe sheyayo inachitapo kale. Munthu wokhala ndi masheya a kampani ya Steinhoff pa 5 Disembala 2017 akanawerenga VaR ndi ES zake mosamala chotani, palibe mzere ukanamuonetsa kuti tsiku lotsatira mtengo ugwa kuposa theka, chifukwa tsiku lotere linali lisanachitikepo m'mbiri ya sheyayo. Kugwa kwa theka pa R500,000 ndi R250,000, kuposa malire atsopano aja, kuchokera pa gawo limodzi mwa magawo 10 a thumba. Ndinalangiza kuti sheya ya kampani imodzi isapitirire 5 peresenti ya thumba lonse. A tcheyamani anakana kugulitsa pa nthawi yomwe masheya a migodi ankachita bwino, ndipo eni atatuwo anagwirizana kuti sagula ina yoonjezera, ndi kuti akadzafuna ndalama ya thiraki yoyamba adzayambira kugulitsa imeneyo.